Ngongole zokayikitsa: momwe osunga mabuku amaziwerengera zisanafe

Pakhoma la magolosale ambiri pamalembedwa kuti "Ngongole mawa." Mwini golosale angathe kulemba choncho chifukwa amagulitsa sopo mmodzi, paketi imodzi ya shuga, ndipo wogula amalipira pomwepo. Koma amene amamupikulitsa katunduyo ku Limbe, kapena ku Malangalanga mumzinda wa Lilongwe, sangayerekeze kulemba mawu amenewa. Akakana kukongoza, ogula ake amangodumpha msewu n'kukatenga katundu kwa mnzake amene amalola kulipira pakutha pa mwezi. Choncho amakongoza, akudziwa bwino lomwe kuti mwa anthu onse amene atenga katundu wake alipo ena amene sadzamuonetsanso nkhope.

Vuto limayambira m'mabuku. Tsiku limene galimoto yatsitsa katundu pagolosale, akauntanti amalemba kuti malonda achitika, ngakhale ndalama sizinalowe. Phindu la chaka limakwera tsiku lomwelo, ndipo dzina la wogula limalowa m'gulu la anthu amene ali ndi ngongole kusitoloyo. Chaka chikatha, ngongole zonsezi zimaonekera pa balansi shiti ngati chuma cha bizinesi, pamodzi ndi katundu wa m'nyumba yosungira ndi ndalama za kubanki. Ngati zina mwa ngongolezo sizidzabwezedwa, ndiye kuti chumacho chanenedwa mokokomeza, phindu nalonso chimodzimodzi. Mwini bizinesi angathe kutenga ndalama zomangira nyumba kuchokera pa phindu limene kulibe, banki nayo ingathe kumubwereketsa poona chuma cha papepala chabe.

Akauntanti sadikira kuti wokongola athawire ku Joni kaye. Amayerekezeratu kuchuluka kwa ndalama zimene zidzatayike, n'kuzichotsa pa phindu la chaka chomwecho chimene malondawo anachitika. Chiwerengero choyerekezedwachi ndi chimene a m'maofesi amachitcha pulovishoni ya ngongole zokayikitsa. Zili ngati mlimi amene ali ndi matumba 50 a chimanga m'nyumba koma powerengera chakudya cha banja amawerenga 46, podziwa kuti anankafumbwe ali ndi gawo lawo, ngakhale sangaloze thumba limene lidzafumbwe. Akauntanti nayenso sadziwa dzina la amene sadzalipira. Chimene amadziwa n'chakuti ngongole ikamakalamba, mwayi woti ibwere umachepa, ndipo pamenepa m'pamene pamayambira ntchito yonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka cha sitolo yopikulitsa katundu ku Limbe, imene imapatsa ogula ake masiku 30 kuti alipire ndipo imatseka mabuku pa 31 Disembala 2024. Tsiku limenelo anthu onse pamodzi ali ndi ngongole ya K48,000,000. Mayi amene amasunga mabuku pasitolopo satenga chiwerengerochi ngati mtolo umodzi. Amatenga invoisi iliyonse yosalipidwa, n'kuona tsiku limene inayenera kulipidwa, n'kuwerenga masiku amene adutsa kufika pa 31 Disembala. Kenako amaika mainvoisiwo m'magulu malinga ndi msinkhu wake. Pepala limene limatuluka pamenepo ndilo mndandanda wa misinkhu ya ngongole. Amene amagwiritsa ntchito QuickBooks amalipeza pa dzina lakuti `A/R Aging Summary`. Amene amagwiritsa ntchito Excel amawerenga masikuwo okha, tsiku loyenera kulipira likakhala pa D2:

```
=DATE(2024,12,31)-D2
```

Ambiri amakonda kulemba `TODAY()` m'malo mwa tsiku lotsekera mabuku. Likatsegulidwa mu Febuluwale, pepala lotere limakalambitsa ngongole iliyonse ndi mwezi wathunthu kapena kuposa, ndipo magulu onse amasokonekera popanda wina kuzindikira.

Gulu lililonse limapatsidwa peresenti yake, yosonyeza gawo limene sitolo ikuyembekeza kutaya. Mndandanda wa mayiwa unatuluka motere:

| Msinkhu wa ngongole | Ndalama | Peresenti | Zokayikitsa |
|---|---|---|---|
| Nthawi sinakwane | K26,000,000 | 1 | K260,000 |
| Yachedwa masiku 1 mpaka 30 | K11,000,000 | 4 | K440,000 |
| Masiku 31 mpaka 60 | K5,500,000 | 10 | K550,000 |
| Masiku 61 mpaka 90 | K3,000,000 | 25 | K750,000 |
| Kuposa masiku 90 | K2,500,000 | 60 | K1,500,000 |
| Zonse pamodzi | K48,000,000 | | K3,500,000 |

Taonani pamene pali katundu wolemera. Gulu la pamwamba ndilo lalikulu, loposa theka la ngongole zonse, koma langobweretsa K260,000 ku pulovishoni. Gulu la pansi ndilo laling'ono kuposa onse, koma lanyamula K1,500,000. N'chifukwa chake kugawa m'magulu kumaposa kungoika peresenti imodzi pa ngongole zonse. Sitolo ziwiri zingathe kukhala ndi ngongole yofanana ya K48,000,000, ina yake ili yonse ya mwezi uno, inayo theka lake ndi la chaka chatha. Peresenti imodzi ingaziweruze mofanana, pamene aliyense amene anayendapo kukatolera ngongole akudziwa kuti sizifanana m'pang'ono pomwe.

Nanga maperesentiwa amachokera kuti? Palibe lamulo limene limanena kuti ngongole ya masiku 90 iikidwe pa 25. Maperesenti amachokera m'mabuku akale a sitolo yomweyo. Mayiwa anatsegula mindandanda ya zaka zitatu zapitazo n'kuona gulu la masiku 61 mpaka 90. Kuphatikiza zaka zitatuzo, m'gululi munali K8,000,000, ndipo atalondola invoisi iliyonse mpaka mapeto ake anapeza kuti K1,760,000 sinalipidwe konse. Kugawa K1,760,000 ndi K8,000,000 kumapereka 22 peresenti. Iwo analemba 25, chifukwa ankaona kuti ogula awo ambiri akupuma movutika kuposa kale. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yopikulira inakwera, ndipo wagolosale amene mpamba wake unkadzaza mashelefu anayamba kudzaza theka. Munthu wotere akapeza ndalama amathamangira kukagula katundu watsopano, ngongole yakale ija n'kuisiya kuti idikire.

Kuyang'ana kutsogoloku si nzeru za mayiwa okha. Malamulo a dziko lonse osungira mabuku, amene amalembedwa ndi bungwe la IASB ku London ndipo makampani akuluakulu kuno kwathu amawatsatira, anasintha pankhani yomweyi. Lamulo lakale la IAS 39 linkafuna kuti pakhale kaye umboni wakuti ngongole yavuta isanalembedwe ngati yotayika. Mavuto azachuma a 2008 ataonetsa kuti mabanki ankavomereza zotayika mochedwa kwambiri, kunabwera IFRS 9, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018. Lamulo latsopanoli limafuna kuti zotayika ziyerekezedwe kuyambira tsiku limene ngongole yaperekedwa, poona mbiri yakale, mmene zinthu zilili lero ndi zimene zikuoneka kuti zikubwera. Kwa ogulitsa katundu pangongole limalola njira yofupika, imene kwenikweni ndi mndandanda uli pamwambawu. Ndicho chifukwa chake ngakhale ngongole imene nthawi yake sinakwane ili ndi 1 peresenti yake, osati ziro. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ali ndi kawerengedwe kawo kozama, komanso malangizo a Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo iyo ndi nkhani ina.

Tsopano tafika pamene ambiri amaterereka, ophunzira pamayeso ngakhalenso anthu amene akhalitsa m'maofesi. K3,500,000 ija si ndalama yoti ichotsedwe pa phindu la chaka chino. Ndi ndalama imene iyenera kupezeka mu akaunti ya pulovishoni pa tsiku lotsekera mabuku. Akauntiyi siyambira pa ziro chaka chilichonse. Imachokera chaka chatha ili ndi kanthu kale, ndipo chaka chikamayenda imadyedwa. Choyenera kufunsa n'chakuti: mwatsala zingati m'menemo, ndipo tiwonjezere zingati kuti zifike pa K3,500,000?

Pasitolo yathuyi, pa 1 Januwale 2024 pulovishoni inali K2,600,000, yochokera pa mndandanda wa chaka chinacho. M'kati mwa chaka, ngongole zingapo zinafa zenizeni: wina anatseka golosale n'kusowa, wina anamwalira osasiya kanthu, wina anatengeredwa kukhoti koma panalibe choti n'kulanda. Zonse pamodzi zinakwana K1,900,000, ndipo zinafufutidwa pozichotsa ku pulovishoni. Motero pa 31 Disembala, mayiwa asanalembe kalikonse, mu akauntiyi munali K2,600,000 kuchotsapo K1,900,000, kutsala K700,000. Mndandanda ukufuna K3,500,000. Kusiyana kwake ndi K2,800,000, ndipo iyi ndiyo imalowa mu jenala ngati ndalama yotayika pa ngongole chaka chino:

```
31 Dec 2024
Dr  Bad Debt Expense               2,800,000
Cr  Allowance for Doubtful Debts   2,800,000
```

Mzere woyamba, wa debiti, ukupita ku zowonongedwa za chaka, pamodzi ndi lendi, malipiro ndi mafuta a galimoto, ndipo ukutsitsa phindu ndi K2,800,000. Mzere wachiwiri, wa kirediti, ukukweza pulovishoni kuchoka pa K700,000 kufika pa K3,500,000. Pa balansi shiti ngongole za ogula zidzaoneka K48,000,000, kuchotsapo K3,500,000, kutsala K44,500,000, imene ndiyo ndalama imene sitolo ikuyembekezadi kutolera.

Amene walakwitsa n'kulemba K3,500,000 yonse mu jenala amadziwika mosavuta. Akatsegula leja apeza pulovishoni ili pa K4,200,000, chiwerengero chimene sichipezeka paliponse pa mndandanda wake, ndipo phindu walidula K700,000 popanda chifukwa. Ndiye mukangomaliza kulemba, tsegulani akaunti ya pulovishoni muone ngati yafanana ndi mzere wotsiriza wa mndandanda. Ikasiyana ngakhale ndi K1, pena pake palakwika.

Nthawi zina zimapita mbali inayo. Tinene kuti ngongole zimene zinafa m'chakacho zinali K3,000,000, osati K1,900,000. Pulovishoni ya K2,600,000 ikanadyedwa yonse n'kupitirira ndi K400,000, akauntiyo n'kugwera mbali ya debiti. Apa sitichotsa, timaphatikiza: K400,000 yokwirira dzenjelo, ndi K3,500,000 yofunika pa mndandanda, zonse K3,900,000. Pulovishoni yogwera ku debiti ndi uthenga wakuti chaka chatha munayerekeza mochepa, ndipo chaka chino chikulipira kupereweraku. Zikachitika kamodzi si nkhani, popeza kuyerekeza sikulasa pakati penipeni. Zikachitika zaka zitatu zotsatizana, maperesenti anu ndi abodza, ndipo afunika kuwerengedwanso. Zingathenso kuchitika kuti mndandanda ufune zochepa kuposa zimene zili kale mu akaunti, mwina chifukwa sitolo yalimbikira kutolera. Zikatero mizere ija imatembenuzidwa, pulovishoni imatsitsidwa, phindu n'kukwerako pang'ono. Mabuku a chaka chatha satsegulidwanso chifukwa cha zimenezi, kusinthako kumalowa m'chaka chimene kwaonekera.

Eni mabizinesi ambiri sakonda jenala imeneyi, ndipo kukambirana kwake kumakonda kuyenda chonchi.

"Mayi, K2,800,000 imeneyi mwaipititsa kuti? Kubanki sindikuiona kuti yatuluka."

"Sinatuluke, bwana. Palibe ndalama imene yasuntha."

"Ndiye mwaisunga pambali?"

"Ayi, bwana, palibenso pamene yasungidwa. Tangovomereza kuti pa K48,000,000 imene anthu akusungirani kunjako, K3,500,000 musaiwerengere."

"Koma anthuwo ndimawadziwa ine. Ena ndimapemphera nawo."

"Pitirizani kuwakumbutsa, bwana. M'buku mwawo simunasinthe kanthu."

Yankho lomalizali n'lofunika kulimvetsa. Kirediti ija sinapite ku akaunti ya wogula aliyense. Wagolosale wa ku Bangwe amene ali ndi ngongole ya K600,000 akadali nayo yonse, sitetimenti yake ipita monga mwa nthawi zonse, ndipo wotolera ngongole adzamugogodera pakhomo Lolemba. Pulovishoni imakhala payokha, moyang'anizana ndi ngongole zonse pamodzi, ndipo wogula sayenera n'komwe kudziwa kuti ilipo. Ineyo ndimaona kuti sitolo imene otolera ngongole ake amauzidwa maperesentiwa imadzipweteka yokha, chifukwa munthu akamva kuti bwana anataya kale mtima pa 60 peresenti ya ngongole zakale, miyendo yake imalemera.

Tsiku limene ngongole yafadi ndi losiyana. Tinene kuti mu Malichi 2025 zatsimikizika kuti wa ku Bangwe uja sadzalipira, ndipo mwini sitolo wasainira kuti ngongoleyo ifufutidwe. Kalembedwe kake ndi aka:

```
Dr  Allowance for Doubtful Debts   600,000
Cr  Accounts Receivable            600,000
```

Pa mizere iwiriyi palibe wokhudza phindu. Kupwetekako kunamveka kale mu Disembala. Tikatengera ziwerengero za pa 31 Disembala zija, ngongole zatsika kufika pa K47,400,000, pulovishoni yatsika kufika pa K2,900,000, ndipo kusiyana kwake kukadali K44,500,000 yomwe ija. Amene amafufuta ngongole poiponyanso ku zowonongedwa, osaganizira za pulovishoni, amadula phindu kawiri pa ngongole imodzi. Zoona, mabuku ena ophunzitsira amatumiza ngongole yakufa ku zowonongedwa mwachindunji, pulovishoni n'kuisiya osaikhudza mpaka kutha kwa chaka. Njira imeneyo nayonso imafika pomwepo ikatsatidwa mpaka kumapeto: m'chitsanzo chathu ikanalemba K1,900,000 ya ngongole zakufa, ndi K900,000 yokweza pulovishoni kuchoka pa K2,600,000 kufika pa K3,500,000, zonse K2,800,000. Choopsa ndi kusakaniza njira ziwirizi m'buku limodzi.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo nthawi zina munthu amene munamufufuta amatulukira patapita chaka ali ndi K200,000 m'manja. Ndalamayo imalandiridwa ndi manja awiri. M'mabuku, ngongole yake imadzutsidwa kaye ndi K200,000 potembenuza mizere yofufutira ija, kenako malipirowo amalembedwa monga a wogula wina aliyense. Kuzungulira kumeneku kuli ndi ntchito yake: mbiri ya munthuyo imasonyeza kuti anabwera kudzalipira, zimene zidzathandize tsiku limene adzapemphenso katundu.

Masamu onsewa ndi opepuka. Chimene chimavuta ndi mndandanda weniweniwo, chifukwa ungathe kunama ukuoneka waudongo. Bodza lofala kwambiri masiku ano limachokera ku ndalama zolipiridwa pafoni. Wogula watumiza K350,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba kudzera pa nambala ya mlamu wake, osanena kuti ndi ya invoisi iti. Ndalama yalowa, koma wolemba sanadziwe mwini wake, ndiye waiika pa akaunti yodikirira. Pa mndandanda invoisi ya munthuyo ikukalambabe, mpaka kulowa m'gulu la 60 peresenti, pamene iye risiti ili m'foni mwake. Mndandanda wotere umakweza pulovishoni pachabe. Chizindikiro chake ndi ziwerengero zokhala ndi mainasi pakati pa magulu, kapena mzere wa ndalama zolandiridwa zopanda mwini umene ukungokula mwezi ndi mwezi. Izi zimayenera kulumikizidwa kaye peresenti iliyonse isanaikidwe. Ndipo chiwerengero cha pansi pa mndandanda chiyenera kufanana ndi cha ngongole za ogula mu leja. Ngati mndandanda ukuti K48,000,000 koma leja ikuti K49,300,000, musapitirire, funani kaye K1,300,000 imeneyo.

Bodza lina limapita mbali yotsitsa pulovishoni, ndipo ili nthawi zambiri limachitika mwadala. Wogula ali ndi invoisi ya mu Ogasiti imene akuikana, akuti katundu anafika wonyowa, koma zatsopano akulipira. Wolemba amatenga ndalama za invoisi ya mu Disembala n'kuzitsekera pa ya mu Ogasiti ija. Papepala munthuyo akuoneka kuti ali ndi ngongole ya mwezi uno yokha, ya 1 peresenti, pamene mkanganowo uli chikhalire. Ena amafufuta invoisi yakale n'kulemba ina ya ndalama zomwezo ndi tsiku latsopano. Ngongole ya K1,000,000 ikachotsedwa m'gulu la 60 peresenti n'kuikidwa m'gulu la 1 peresenti, pulovishoni imatsika ndi K590,000, phindu n'kukwera ndi ndalama yomweyo, popanda tambala imodzi kulowa pakhomo. Amene malipiro ake owonjezera amadalira phindu ali ndi chifukwa chochitira zimenezi, ndiye si bwino kuti wogulitsa katundu pangongole akhalenso wolumikiza malipiro ndi mainvoisi. Maodita amazigwira poona mainvoisi amene anafufutidwa n'kulembedwanso chakumapeto kwa Disembala, komanso poyerekeza ndalama imene wogula analipira ndi invoisi imene yatsekedwa. Munthu amene walipira K412,500 ndendende, pamene invoisi yake ya mu Disembala ndi ya K412,500, sanalipire ya mu Ogasiti.

Ngakhale mndandanda utakhala woona, uli ndi malire ake. Umaona msinkhu wokha, sudziwa zimene zachitika dzulo. Tinene kuti m'gulu la masiku 1 mpaka 30 muli wogula mmodzi wa K1,200,000 amene sitolo yake inapsa pa Khirisimasi, alibe inshuwalansi, ndipo wanena poyera kuti alibe pogwira. Mndandanda ukumuika pa 4 peresenti, K48,000 yokha, chifukwa invoisi yake ndi yaing'ono msinkhu. Wosunga mabuku wanzeru amamutulutsa m'gulumo n'kumuwerengera payekha. Akaona kuti yonse yapita, gulu lija limatsala K9,800,000, 4 peresenti yake ndi K392,000, ndipo K1,200,000 imaonjezedwa yathunthu. Pulovishoni yofunika imachoka pa K3,500,000 kufika pa K4,652,000, ndalama ya mu jenala nayo n'kuchoka pa K2,800,000 kufika pa K3,952,000. Wogula mmodzi yekha wasintha chithunzi kuposa gulu lonse la masiku 61 mpaka 90. Sitolo imene ngongole zake zambiri zili m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi iziyamba yawaona iwowo mmodzimmodzi, mndandanda ubwere pambuyo kwa otsalawo.

Palinso ngongole zimene zimakalamba koma osafa. Amene anaperekapo katundu ku maofesi aboma kapena mabungwe akuluakulu amadziwa kuti malipiro angathe kutenga miyezi yambiri koma n'kudzabwera. Alimi nawonso amatenga zipangizo mvula ikamayamba n'kulipira akagulitsa zokolola, ndiye masiku 90 kwa iwo si kuchedwa kofanana ndi kwa wagolosale wa m'tauni. Kuwaponya onsewa m'gulu limodzi kumapereka peresenti imene siikwana aliyense. Bwino kukhala ndi mindandanda iwiri kapena itatu, uliwonse ndi maperesenti ochokera pa mbiri ya anthu a mtundu umenewo. Komabe tisadzinamize kuti ngongole yochedwa n'kudzabwera ilibe mtengo. K1,000,000 yolandiridwa patatha chaka, mitengo ikukwera mmene imakwerera kuno, sigulanso katundu amene inatulutsa.

Njira yabwino yoyesera ngati pulovishoni ili pafupi ndi zoona ndi kudikira pang'ono. Mabuku a Disembala kawirikawiri samalizidwa mpaka Febuluwale kapena Malichi, ndipo pofika nthawi imeneyo ndalama zina zalowa. Tengani mndandanda wa pa 31 Disembala, muchonge invoisi iliyonse imene yalipidwa m'miyezi iwiriyo. Ngati pa K2,500,000 ya gulu lakale kwambiri palowa K1,800,000, ndiye kuti 60 peresenti inali yaukali. Ngati palowa K100,000 yokha ngakhale otolera ayenda, 60 peresenti ndi yochepa. Maodita amachita zomwezi, ndipo ndi bwino kuti akupezeni mutachita kale. Chiwerengero china choyenera kuchiyang'ana chaka ndi chaka ndi gawo la pulovishoni pa ngongole zonse. Pasitolo yathuyi K3,500,000 pa K48,000,000 ndi 7.3 peresenti. Likatsika mwadzidzidzi pamene magulu akale akufufuma, winawake wagwira maperesenti.

Za msonkho zili ndi njira yake. Chimene mwalemba mu jenala sichingolowa chokha pa fomu ya MRA, chifukwa malamulo a msonkho ali ndi muyeso wawo wa ngongole imene ingachotsedwe pa phindu, ndipo amayang'ana umboni wa ngongole inayake, osati kuyerekeza kwa gulu. N'chifukwa chake makalata okumbutsa, mauthenga a pafoni, masamani a kukhoti ndi chikalata chimene bwana anasainira pofufuta ziyenera kusungidwa mu failo ya wogula aliyense. Pokonza za msonkho, akauntanti amafunika kudziwa kuti pa pulovishoni yonse ndi zingati zimene zili ndi dzina la munthu ndi umboni wake, ngati K1,200,000 ya wopsa sitolo uja, ndi zingati zimene zangochokera pa maperesenti. Ndiye polemba mndandanda, magawo awiriwa muziwasiyanitsiratu pa pepala lomwelo, kuti mu Malichi musadzayambenso kufukula mainvoisi.